Dzina langa likuwalemera lilime alimi a ku Bembeke, ndizidzitchula bwanji?

Lolemba madzulo

Nonhlanhla: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yomwe mwina ena muiona yaing'ono, koma ine ikundisowetsa tulo. Ndayamba ntchito ya ulangizi mwezi wathawu, ndipo anditumiza kumakalabu a alimi a mbatatesi kuno ku Bembeke. Dzina langa ndi lomwe mukuliona pamwambapo. Ndachititsa misonkhano itatu, ndipo paliponse ndikadzitchula anthu amangoti zii, kenaka wina n'kuti "mwati ndani?" Ndikabwereza amangogwedeza mutu mwaulemu koma ndimaona kuti silinalowe. Mlembi wa kalabu ina analemba m'kaundula kuti Nolasa. Chomwe chandiwawa ndi cha Lachisanu lapitali. Bambo wina mbatatesi yake yagwidwa ndi chiwawu, anapalasa njinga mpaka ku ofesi kudzandifuna. Atafunsidwa kuti akufuna ndani anangoti "mayi wamng'ono uja wa dzina lovuta." Mlonda sanadziwe, bamboyo anabwerera, ine ndili mkati momwemo. Lachinayi ndili ndi kalabu yatsopano. Ndidzitchule bwanji kuti dzinali likhale m'mitu mwawo?

Gift wa ku Kampepuza: Achemwali musavutike, pitani ku NRB mukasinthe. Kapena mungodzipatsa lina lachidule, Nono kapena Nola, basi. Anthu akumudzi alibe nthawi yolimbana ndi lilime.

Nonhlanhla: Ayi achimwene, sindikufuna kusintha. Anandipatsa ndi agogo anga aamuna, ndipo anatisiya kale. Funso langa ndi la kalankhulidwe pamsonkhano.

Mayi a Tadala: Mwana wanga, kodi mfunda wanu ndi chiyani? Ine ndakulira ku Nsipe, ndipo kwathu munthu wamkulu satchulidwa dzina loyamba pagulu. Mukanena kuti ndinu Namaseko kapena Nangozo palibe angaiwale, mwinanso mupeza achibale pomwepo. Dzina la ubwana limatsala kwa makolo ndi kusukulu.

Nonhlanhla: Ndine Nanzunga, mayi. Ndimautchula mfundawo, ndipo n'zoona amaugwira msanga. Koma ku ofesi, pa chiphaso cha ntchito, ngakhale pa foni akamafuna kutsimikiza kuti nambala ndi yangadi, dzina lotuluka ndi Nonhlanhla. Bambo aja akanati akufuna Nanzunga, mlonda sakanadziwabe.

Mayi a Tadala: Apo ndamva. Ndiye muyenera kunyamula onse awiri.

A Ngozo, mphunzitsi wopuma: Ndaiwerenga nkhani yanu kawiri, a Nanzunga. Ine ndinabadwira ku Bulawayo komwe bambo anga ankagwira ntchito ya njanji, choncho Chindebele ndinayamwira, ndipo dzina lanu kumeneko ndi la tsiku ndi tsiku ngati Chikondi kuno. Ndisanalankhule zambiri, tandilemberani ndendende zomwe mumanena mukaimirira. Mawu ake enieniwo, musakonze.

Nonhlanhla: Chabwino bambo. Ndimati: "Zikomo a mfumu, a pampando ndi nonse. Ine dzina langa ndine Nonhlanhla, ndimachokera ku Ntcheu kwa Gomani, ndine mlangizi wanu watsopano." Tsiku lachitatu nditaona kuti sakumva ndinawonjezera mbiri yonse. Ndinawauza kuti agogo anga anapita ku Joni pa Wenela, anabwerako 1974 pamene boma linaletsa ulendowu ndege itagwa ku Francistown, kuti anaphunzira Chizulu kumigodi, kuti mayi anga anataya ana awiri ine ndisanabadwe, ndipo nditabadwa ine n'kukhala moyo agogo anati uyu ndi mwayi wathu. Anthu anamvetsera bwino kwambiri, amayi ena mpaka anagwira pakamwa. Koma potuluka palibe ananditchula dzina.

A Ngozo, mphunzitsi wopuma: Zikomo. Apa pali zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ndiyamba ndi kalankhulidwe kanu koyambako. Mwaliika dzina pakati pa mtolo. Kutsogolo kwake kuli malonje a mfumu, kumbuyo kwake kuli Ntcheu, Gomani ndi ulangizi. Zonsezo ndi mawu omwe khutu la mlimi likuwadziwa kale, ndiye limatola zimenezo n'kusiya chachilendocho. Ndikuganizanso kuti mumalitchula mothamanga, chifukwa munthu amene dzina lake lakhala likumuvutitsa amafuna kulidutsa msanga ngati podutsa pa ulalo wogwedera. Komanso mukati "zikomo a mfumu" anthu amawomba m'manja, ndipo ngati simudikira, dzina limagwera m'kati mwa kuwombako.

Kwachiwiriko munapitirira mbali inayo. Mbiri ya agogo anu ndi yokoma ndiponso yolemera, n'chifukwa chake inameza dzina. Anthu anapita kwawo atanyamula ndege ya ku Francistown ndi ana awiri a mayi anu. Ndinaphunzitsa zaka zambiri, ndipo ndinaona kuti ukapatsa mwana mawu atsopano limodzi ndi nthano yaitali, mawa amakuuza nthano yonse koma mawuwo wataya.

Chomwe chimagwira ntchito ndi chapakati. Dikirani manja aleke. Tchulani dzina pang'onopang'ono. Nenani tanthauzo lake m'mawu osapitirira mpweya umodzi. Kenaka bwerezani dzina, ndipo mulekere pa dzinapo kaye musanapite ku zina. Kulekera pa dzina n'kofunika kuposa zonse, chifukwa mawu otsiriza ndi amene amatsala akulira m'khutu.

Gift wa ku Kampepuza: Koma bambo, tanthauzo lake n'chiyani kwenikweni? Ine ndimayesa mayina onse a Chingoni amatanthauza kuthokoza. Msuweni wanga ndi Thokozile, ndiye kuti tathokoza.

A Ngozo, mphunzitsi wopuma: Mwagwira mchira wokha, a Gift. Dzina lonena kuti tathokoza ndi Sibongile, kuchokera ku kubonga. Thokozile limatinamiza chifukwa likufanana ndi mawu athu, koma m'Chizulu kuthokoza ndi kukondwa, choncho Thokozile ndi wokondwa. Muuzeni msuweni wanu asanakafotokoze pagulu, chifukwa tsiku lina mudzakhala wina wodziwa. Pa la mwana wathuyu, inhlanhla ndi mwayi. No wakutsogoloyo amaikidwa pa mayina a akazi, monga Nomusa kapena Nomvula, ndipo amagwira ntchito yofanana ndi Na wathu wa Nabanda ndi Naphiri. Mwamuna amangokhala Nhlanhla. Ndiye m'Chichewa chathu tinganene kuti Namwayi.

Gift wa ku Kampepuza: Ha, zaka zonsezi tikumuuza kuti ndiwe Thokozani wa Chingoni. Ndimuimbira.

Nonhlanhla: Namwayi! Sindinaganizepo choncho. Ine ndimangoti limatanthauza mwayi.

Lachiwiri m'mawa

Akuzike: Ndalowa mochedwa koma ndili ndi chokayika, a Ngozo mundikhululukire. Njira ya tanthauzoyi ine imandithandiza, koma ndikuona kuti imandithandiza chifukwa dzina langa ndi la Chichewa. Anthu ena akamva Akuzike amaganiza za kuzika, ngati kuzika nsichi pansi, ndipo amadabwa kuti makolo angatche mwana choncho bwanji. Ndiye ndimati, "Akuzike, Mulungu akuzike, kuchokera ku kukuza." Basi yatha, chifukwa tanthauzo ndi dzina zili m'mawu amodzimodzi. Munthu akakumbukira kukuza Mulungu, dzina labwera lokha. Koma asisiwa akati mwayi, kuchoka pa mwayi kukafika pa Nonhlanhla palibe njira. Palibe liwu limodzi lofanana. Mlimi adzakumbukira kuti dzina lija likunena za mwayi, ndipo adzawatcha a Mwayi. Ndikunena izi chifukwa ndinaphunzira ndi mnyamata wina dzina lake Sipho. Anatiuza tsiku loyamba kuti ndi mphatso, ndipo zaka zinayi zonse anakhala Mphatso, mpaka aphunzitsi.

A Ngozo, mphunzitsi wopuma: Palibe chokhululukira, mwanena zoona ndipo mwafika pamtima pa nkhani. Tanthauzo lili ngati chogwirira cha ndowa. Limachititsa kuti munthu asaope dzina, alione kuti ndi mawu a anthu, osati phokoso chabe. Koma silimuphunzitsa lilime. Pa dzina la chilankhulo china pamafunika kanthu kachiwiri kothandiza kamvekedwe, ndipo apa mwana wathuyu ali ndi pogwira pabwino. Dzina lake likuoneka lalitali polemba, zilembo khumi, koma pakamwa ndi maphatikizo atatu okha, ndipo awiri otsiriza ndi amodzi obwereza: No, nhla, nhla. Munthu akaphunzira phatikizo limodzi lokha wamaliza dzina lonse.

Tsono liwu lovutalo ndi hl. Ikani nsonga ya lilime kuseri kwa mano akumwamba ngati mukufuna kunena la. Musalichotse pamenepo, koma tulutsani mpweya m'mbali mwa lilime, cha kumasaya, popanda kuliza kukhosi. Ndi liwu lomwe lili mu Umhlangano, mwambo wathu wa a Maseko uja. Kutsogolo kukakhala n, monga m'dzina ili, pamamveka kakugunda ngati t, choncho munthu wonena kuti Nontlantla wayandikira kwambiri. Ife a ku Ntcheu ndi Dedza liwuli tinalitaya pamodzi ndi Chingoni chenichenicho, chifukwa makolo athu anakwatira Achewa ndipo ana anakula ndi chilankhulo cha amayi awo. Anzathu a ku Mzimba akadali ndi ma Nhlane, ma Nhlema ndi ma Mhlanga. Kuno hl tinamusandutsa sh. Chishango chomwe timavina nacho ngoma, eni ake amati isihlangu. Ndiye musadabwe alimi anu akamati Nonshansha. Sakulakwa mwadala, akutsata njira yomwe lilime lathu linatsata kalekale.

Akuzike: Chishango ndi isihlangu? Izi ndiye ndaphunzira lero.

Nonhlanhla: Ndayesa kulemba, tandionerani. "Dzina langa ndine Nonhlanhla. Ndi dzina la Chingoni lomwe anandipatsa agogo anga, limatanthauza mwayi, ngati kunena kuti Namwayi. Potchula mumaika lilime kuseri kwa mano n'kutulutsa mpweya m'mbali, ngati mu Umhlangano. Lili ndi maphatikizo atatu. Nonhlanhla."

Mayi a Tadala: Iii mwana wanga, apo mwasanduka mphunzitsi wa sitandade 1. Anthu abwera kudzamva za mbewu, mukayamba kuwauza poika lilime pamaso pa mfumu ena achita manyazi, ena aona ngati mukuwayesa osaphunzira. Za lilimezo sungani, mudzauze amene wakufunsani yekha pambali.

A Ngozo, mphunzitsi wopuma: Mayi a Tadala alondola. Zimene ndalemba zija ndi zoti inu mudziwe, si zoti mukalalikire. Maphatikizo musawafotokoze, ingowachitani. Pobwereza dzina lidulani katatu ndi pakamwa panu, khutu lidzamva lokha kuti ndi lalifupi. Za Umhlangano chotsaninso, chifukwa ku Bembeke si onse amautchula moyenera, ndiye mukhala mukufotokoza chovuta ndi chovuta chinzake. Ine ndikanati: "Ndine Nanzunga wa kwa Gomani. Dzina langa ndi Nonhlanhla, m'Chingoni ndiye kuti mwana wamwayi. No, nhla, nhla." Mukatero pumani kaye, muwayang'ane. Mukatchula mfunda poyamba mwakhazika mitima pansi, akudziwa kale kuti ndinu mwana wa kwa yani, ndipo khutu latseguka kudikira chotsatira.

Nonhlanhla: Mwachotsa Namwayi bambo, pomwe ine ndinalikonda.

A Ngozo, mphunzitsi wopuma: Ndachotsa dala chifukwa cha zomwe anena a Akuzike. Namwayi ndi dzina lathunthu, lokoma, lopepuka. Mukaliika patebulo pambali pa lanu, adzatola limenelo tsiku lomwelo ndipo simudzalibwezanso. Koma "mwana wamwayi" si dzina, ndi kufotokoza chabe, munthu sangakuitaneni nako mosavuta. Pofotokoza tanthauzo pewani mawu amene angaime okha ngati dzina.

Akuzike: Sipho uja akanamva izi kale. Akanati "chinthu chopatsidwa" mwina tikanamusiya ndi dzina lake.

Gift wa ku Kampepuza: Koma ine ndifunsebe. Akakutchulani a Mwayi chalakwika n'chiyani? Si tanthauzo lomwelo? Agogo aja ankanena za mwayi, anthu akunena za mwayi. Ine dzina langa kwathu ena amati Mphatso, sindidandaula.

Nonhlanhla: Mwina kwa inu zili bwino achimwene, ndipo sindikutsutsani. Kwa ine agogo akanafuna Mwayi akanatha kunena Mwayi, Chichewa ankachidziwa. Anasankha liwu limene anabwera nalo kutali, ndipo amalitchula bwino kuposa aliyense. Ndikalimva lotchulidwa bwino ndimamva mawu awo. Komanso ku ofesi kuli kale mnyamata wina dzina lake Mwayi, wa za ziweto. Mlimi wa chiwawu adzathera kwa munthu wa mbuzi.

Lachiwiri usiku

Maliro wa ku Linthipe: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Vuto langa ndi losiyana koma ndi la m'banja lomweli. Dzina langa palibe amalephera kulitchula, ndipo tanthauzo lake aliyense akulidziwa. Kulemera kwake kuli pomwepo. Ndikati ndine Maliro, nkhope zimasintha, ena amaseka mobisa, ena amati Yesu. Kale ndinkangotchula chilembo choyamba ndi dzina la bambo. Nditayamba kugulitsa nyemba ndi soya kwa ogula ochokera ku Lilongwe ndinaona kuti kubisa dzina kumandichotsera chikhulupiriro, munthu amadabwa akaona pa chiphaso. Tsopano ndimati, "Ndine Maliro, ndinabadwa tsiku loika agogo anga aakazi, ndiye anati wina wapita wina wabwera. Maliro." Sindiwonjezera. Chomwe ndaona n'chakuti funso lomwe linali m'mutu mwa munthu layankhidwa, ndiye amamasuka, ndipo palibe anandiiwalapo. Koma ndinayesa kangapo ndisanapeze mawu amenewa. Poyamba ndinkafotokoza matenda a agogowo ndi mmene mayi anavutikira, anthu n'kumandipepesa ngati maliro achitika dzulo, malonda n'kuzizira.

A Ngozo, mphunzitsi wopuma: A Maliro, mwatithandiza. Pa dzina ngati lanu chofotokoza si tanthauzo la mawu koma chifukwa chake, ndipo muyeso ndi womwewo, mpweya umodzi. Mwasankhanso mbali ya nkhani yoyang'ana kwa wobadwayo. A Nanzunga, onani kuti nanunso "mwana wamwayi" akunena zoona zonse za kubadwa kwanu popanda kutsegula chisoni cha mayi anu pamaso pa anthu omwe simunawadziwe. Amene adzafune kudziwa kuti mwayi wake unali wotani adzakufunsani pa mzere m'munda, ndipo pamenepo mbiri ya agogo idzakhala pamalo pake.

Maliro wa ku Linthipe: Komabe ndinene kuti si paliponse pomwe ndimafotokoza. Kuchipatala kapena pamaliro penipeni ndimangotchula mfunda. Pali malo ena pomwe ngakhale mawu ochepawo amalemera.

Mayi a Tadala: Nanenso ndiwonjezere kamodzi. Musanayambe msonkhano kapezeni a pampando pambali, muwapatse moni bwinobwino, muwauze dzina lanu awiriwiri. Nthawi zambiri ndi iwo amene amakuonetsani kwa anthu, ndipo akalikhotetsa iwo poyamba, kalabu yonse itsata iwo, osati inu. Mlembinso mulembereni nokha m'kaundula ndi zilembo zazikulu.

Nonhlanhla: Izi za a pampando ndi zomwe zinachitika ku kalabu ya Nolasa ija. Anayamba ndi iwo, mlembi anangolemba zomwe anamva.

Akuzike: Nanga adziwa bwanji kuti zagwira? Anthu athu ndi aulemu, amavomera ndi mutu ngakhale sanamve kanthu.

A Ngozo, mphunzitsi wopuma: Mutu musauwerengere. Chizindikiro choyamba ndi milomo. Mukadula dzina katatu n'kupuma, yang'anani ngati ena akuliyesa chamumtima kapena monong'ona. Akatero ndiye kuti lalowa. Chachiwiri ndi nthawi ya mafunso. Wofunsa akati "a langizi" zokha, palibe chomwe mwadziwa, chifukwa ndi ulemu wa masiku onse. Koma wina akayesa dzina, ngakhale molakwika, muyankheni mokondwa ndipo mulibwereze bwino m'kati mwa yankho lanu, osamudzudzula. Chachitatu chimadza mochedwa, ndi tsiku lomwe munthu adzakufuneni inu palibe.

Lachinayi madzulo

Nonhlanhla: Ndabwerako. Ndikuuzeni mmene zayendera. Kunali mphepo ya ku Bembeke ija, amayi atadzikulunga zitenje mpaka m'makutu, tinakhala kuseri kwa tchalitchi pothawa chisanu. Anthu analipo 23. Ndinafika msanga n'kupeza a pampando akutsitsa thumba la mbewu pa njinga. Ndinawauza dzina, anayesa katatu n'kukhazikika pa Nonshansha, ndipo anati pondionetsa adzangoti a langizi athu, dzina ndinene ndekha. Ndinaona kuti ndi nzeru.

Nditaimirira ndinapereka ulemu kwa a mfumu n'kudikira manja. Kudikirako kunanditalikira, mtima unkafuna kuthamanga monga kale. Kenaka ndinanena monga munandilembera a Ngozo, liwu ndi liwu. Nditati No, nhla, nhla, ndinatseka pakamwa. Mayi wina wachikulire kutsogolo, ali ndi kamdzukulu pamiyendo, ndinamuona milomo ikuyenda, kenaka ananena mokweza kuti "Nontlantla," n'kutembenukira mnzake kuti "wamwayi ati." Anthu anaseka mokondwa ndipo angapo anayesa nawo. Kumbuyo kunali bambo wina wa ndevu zoyera, anakweza ndodo yake n'kulitchula bwinobwino ngati mmene ankatchulira agogo, n'kuwonjezera moni wa Chizulu. Nawonso anagwirako ntchito ku Joni. Ndinachita kumeza malovu kaye ndisanapitirize.

Pa mafunso anthu asanu anafunsa. Awiri anati a langizi, mmodzi anati a Nanzunga, mmodzi anayesa dzina n'kufika pa Nontlantla. Wachisanu, mnyamata, anati "a Mwayi." Ndinamuyankha funso lake la kutalikirana kwa mizere n'kunena kuti akandifuna ku ofesi afunse Nonhlanhla, chifukwa Mwayi wa kumeneko ndi wa ziweto. Anavomera, koma potsanzikana anatinso a Mwayi.

Mayi a Tadala: Mwagwira ntchito mwana wanga. Mayi wa kamdzukuluyo musamutaye, ameneyo ndi amene adzaphunzitse anzake kudimba.

Gift wa ku Kampepuza: Mwaona, Mwayi watulukabe ngakhale munamubisa. Ine ndikuti pakatha miyezi itatu kalabu yonse idzakhala ikuti a Mwayi.

Akuzike: Mwina, koma mmodzi pa asanu si kalabu yonse. Ine chomwe chikundikhudza ndi a pampando. Iwo ndi amene amalankhula kwambiri, ndipo Nonshansha akhoza kufala kuposa zonse. Asisi, muwakonza?

Nonhlanhla: Ndi zomwe ndikulingalira. Ndi bambo wamkulu, msinkhu wa bambo anga, ndipo anayesetsa ndi mtima wonse. Kuwakonza kachinayi ndikuona ngati mwano.

A Ngozo, mphunzitsi wopuma: Ine ndikanawasiya. Munthu akafika ku ofesi n'kuti akufuna Nonshansha, mlonda adziwa kuti ndi inu, ndipo chomwe munadandaula Lolemba chinali chimenecho. Ndi dzina lanu lomwe, langovala lilime la kuno, monga chinachitira chishango.

Akuzike: Apa ndiye sindikugwirizana nanu bambo. Asisiwa anatiuza kuti akalimva lotchulidwa bwino amamva mawu a agogo awo. Nonshansha sawapatsa zimenezo. Ngati mayi wachikulire uja wafika pa Nontlantla tsiku limodzi, a pampando angathenso, kungoti pafunika nthawi.

Maliro wa ku Linthipe: Bwanji osapempha bambo a ndevu zoyera aja? Akuluakulu okhaokha amakonzana popanda manyazi, mwina pa bawo. Inu simukhalapo n'komwe.

Nonhlanhla: Sindinawafunse dzina bambowo, ndinatanganidwa ndi kaundula. Ndibwererako Lachinayi la sabata ya mawa kukaona munda wachitsanzo, ndikawafufuza. Mawa ndili ndi kalabu ya Nolasa ija, komwe dzina linakhota kale ndipo mbiri yonse anaimva. Kumeneko sindikudziwa ngati ndidzitchulenso mwatsopano kapena ndingoyamba ndi kukonza m'kaundula. Amene muli maso ndithandizeni usiku uno, ndinyamuka 6 koloko m'mawa.